Kompulesa Ikulira Koma Sikuziziritsa: Mwina Ikuzungulira Chambuyo

Pali vuto lina la makina oziziritsa limene limadyera anthu ndalama zambiri pachabe, chonsecho kulikonza kwake sikufuna kugula chipangizo chatsopano. Limapezeka m'zipinda zozizira za mabutchala, m'malo osungira nsomba, mkaka ndi mankhwala, komanso pa maeyakoni akuluakulu a m'maofesi ndi m'mahotela. Makina amayaka bwinobwino, kompulesa imalira, mwinanso kuposa masiku onse, koma m'chipindamo simuzizira. Mwini malo amaitana mmisiri, mmisiri nkunena kuti gasi watha. Awonjezera gasi, sizisintha. Kenako chigamulo chimagwa chakuti kompulesa yafa, pagulidwe ina. Koma nthawi zina kompulesayo imakhala ili yamoyo ndithu, kungoti mota yake ikuzungulira chambuyo chifukwa mawaya awiri a magetsi asinthana malo.

Zimenezi sizichitika pa kompulesa iliyonse. Zimachitika pa mtundu wotchedwa sikulolo, makamaka yoyendera magetsi a mafezi atatu. Kompulesa zakale za mapisitoni, zimene amisiri ambiri anaphunzirirapo ntchito, sizisamala kwenikweni kuti mota ikuzungulira chakuti. Pisitoni imangokwera nkutsika, ndipo mavavu ake amatseguka ndi kutsekeka mofanana kaya shafuti ikupita kumanja kaya kumanzere. Munthu amene wakhala zaka zambiri akulumikiza makina otere mosayang'ana dongosolo la mawaya sanalakwepo kanthu, nchifukwa chake tsiku loyamba kukumana ndi sikulolo yobwerera m'mbuyo saganizako n'komwe za magetsi.

Mkati mwa sikulolo mulibe pisitoni. Muli zitsulo ziwiri zopindidwa mozungulira, china cholowa mwa chinzake, monga mmene amakhalira makoyilo awiri a udzudzu mukangowatulutsa mu paketi musanawalekanitse. Chitsulo chapamwamba chimakhala chokhazikika. Chapansi chimayendetsedwa ndi mota, koma sichizungulira pachokha, chimangoyenda njira yaing'ono yozungulira mkati mwa chinzakecho. Pamene zitsulo ziwirizi zakhudzana pamapangika timatumba ta gasi. Gasi amalowera m'mphepete, m'mene kathumba kali kakakulu, ndipo chitsulo chikamayenda kathumbako kamakankhidwira pakati kwinaku kakucheperachepera. Pofika pakatikati gasi amakhala atapanikizika kwambiri ndiponso atatentha, ndipo amatulukira pa kabowo kopita ku paipi ya kondensa. Nzeru imeneyi ndi yakale. Katswiri wa ku France, Léon Creux, anailembetsa m'chaka cha 1905, koma nthawi imeneyo kunalibe makina osema zitsulo mosalala mokwanira kuti gasi asathawire m'mbali. Zinayamba kupezeka m'maeyakoni ogulitsidwa cha kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, ku Japan, ndipo lero zadzaza paliponse chifukwa zili ndi ziwalo zochepa, sizinjenjemera kwambiri, komanso sizidya magetsi ambiri.

Tsono mukabweza kayendedwe ka chitsulo chapansicho, timatumba tija timayenda kuchokera pakati kupita m'mphepete, tikukulirakulira m'malo mochepa. Palibe chimene chikupanikizidwa. Kumbali yotulukira kuli vavu yoletsa gasi kubwerera, choncho pakati pa zitsulozo pamangotsala mphako yopanda gasi wokwanira, ndipo zitsulo zimagundana nkumachita phokoso. Choopsa chachikulu nchakuti mota ya kompulesa yotere imaziziritsidwa ndi gasi wozizira amene akubwerera kuchokera m'chipinda. Gasi akapanda kuyenda, mota ndi zitsulo zija zimatentha, oyilo sayenda mmene ayenera kuyendera, ndipo pakapita mphindi zingapo kachitetezo ka mkati mwa mota kamadula magetsi. Ikazizira imayakanso yokha, nkutenthanso, nkuzimanso. Opanga makinawa amanena kuti kuzungulira chambuyo kwa kanthawi kochepa, monga pamene mmisiri akuyesa, sikuwononga kompulesa. Chimene chimaipha ndi kuisiya usiku wonse kapena Loweruka ndi Lamlungu lonse ikuyaka ndi kuzima motero popanda woizindikira.

Chimene chimalamula mota

Aliyense amene wakhalapo pafupi ndi chigayo cha magetsi amadziwa kuti mota ya mafezi atatu ikhoza kuzungulira mbali iliyonse, ndipo wogayitsa amaona msanga chifukwa lamba amakhala poyera. Pa sikulolo zonse zili mkati mwa chitini chowotcherera, simungasuzumiremo.

Magetsi amene ESCOM imapereka ku malo a bizinesi amabwera pa mawaya atatu amoto, ndipo pakati pa awiri aliwonse pamakhala mavoliti pafupifupi 400. Pakati pa waya mmodzi ndi nyutirolo pamakhala mavoliti 230, omwe ndi aja timagwiritsa ntchito m'nyumba. Mphamvu ya pa waya aliyense imakwera ndi kutsika maulendo 50 pa sekondi, koma mawaya atatuwa safika pachimake nthawi imodzi. Amalandizana: woyamba, kenako wachiwiri, kenako wachitatu, nkubwereranso kwa woyamba. Mkati mwa mota muli magulu atatu a mawaya okulungidwa, ndipo chifukwa cha kulandizanaku mphamvu ya maginito imayenda mozungulira, nkumakoka chitsulo chapakati kuti chiitsatire. Pa kompulesa zambiri za mtunduwu chitsulocho chimazungulira maulendo pafupifupi 2,900 pa mphindi.

Ndiye kuti mbali imene mota ikupita imadalira dongosolo lokha la mawayawo, amene pa makina amalembedwa L1, L2 ndi L3. Pali njira 6 zolumikizira mawaya atatu pa malo atatu, ndipo mwa njira zimenezi zitatu zimayendetsa mota kutsogolo, zitatu kumbuyo. Wolumikiza mongoganizira ali ndi mwayi wa theka. Apa pali kanthu kamene kamasokoneza ophunzira ntchito. Mukasuntha mawaya onse atatu, woyamba kupita pa malo a wachiwiri, wachiwiri pa malo a wachitatu, wachitatu pa malo a woyamba, simunasinthe kalikonse, chifukwa kulandizana kuja kukadali chimodzimodzi, mwangosintha woyambira. Kuti mota itembenuke muyenera kusinthanitsa awiri okha, ena aliwonse, wachitatu nkumusiya pomwe ali.

Mitundu ya mawaya isakunamizeni. M'nyumba zambiri kuno mupeza wofiira, wachikasu ndi wabuluu, pomwe makebulo ndi makina atsopano ochokera ku Ulaya amabwera ndi wabulawuni, wakuda ndi wotuwa. Mtunduwo umangokuuzani zimene wolumikiza ankafuna, osati zimene zili m'wayamo. Ngati pa polo kapena pa bokosi la mita wina anasinthanitsa awiri, wofiira wanuyo akhoza kukhala kuti wanyamula fezi yachiwiri.

Nanga makina amene akhala akugwira ntchito zaka zambiri amatembenuka bwanji? Satembenuka okha. Nthawi zonse pamakhala dzanja la munthu penapake. Mwina thiransifoma ya m'dera lanu yasinthidwa, kapena nthambo zinaduka ndi mphepo nkulumikizidwanso. Mwina mwasintha mita, buleka yaikulu kapena kebulo yolowa m'nyumba. Mwina kontakita inapsa, mmisiri nkuika ina osalemba mawaya. Koma gwero limene lafala kwambiri masiku ano a kuzimazima kwa magetsi ndi jenereta. Imagulidwa mwachangu kapena kubwerekedwa, imalumikizidwa usiku ndi tochi pa swichi ya chenjiova, mababu nkuyaka, makompyuta nkuyaka, aliyense nkupita kukagona ali wokondwa. Mababu ndi makompyuta ndi a fezi imodzi, sadziwa za dongosolo. Amene akuvutika ndi kompulesa ili kuseri kwa nyumba.

Mmene mungadziwire

Tiyerekeze butchala ina imene ili ndi chipinda chozizira choyendera gasi wa R404A, ndipo chimasunga nyama pafupi ndi madigiri 0. Manambala ndikupatsaniwa ndi oyerekeza, chifukwa makina aliwonse ali ndi ake, koma kayendedwe kake nkofanana paliponse. Mwini wake wagula jenereta ya mafezi atatu sabata yatha. Tsiku lina kotentha magetsi azima m'mawa, makina akhala osayaka kwa maola angapo, jenereta yayatsidwa, koma pofika masana nyama yayamba kudontha.

Mmisiri wodziwa ntchito sayamba ndi silinda ya gasi. Amayamba ndi funso: chasintha nchiyani pa magetsi masiku apitawa? Akamva za jenereta, theka la yankho walipeza kale. Kenako amamanga mageji ake awiri, yabuluu ku paipi yokoka, yofiira ku paipi yotulutsa, makina ali chizimire. Poti akhala nthawi yaitali osayenda ndipo kunja kukutentha cha m'ma madigiri 30, mageji onse awiri akuloza pafupipafupi, tinene 190 psi. Amapanikiza kilampu mita pa waya mmodzi wopita ku kompulesa, nkuuza mnzake kuti ayatse.

Kompulesa yoyenda bwino imaonekera m'masekondi ochepa. Muvi wa geji yabuluu umatsika mofulumira, wa yofiira nkukwera, ndipo chipinda chikazizira zimakakhazikika cha pa 50 psi kokoka ndi 280 psi kotulutsa. Paipi yotulutsa imatentha moti simungaigwire nthawi yaitali, yokoka nkuyamba kuzizira ndi kuchita thukuta. Koma pa butchala yathuyi mivi yonse iwiri yangogwedezeka pang'ono nkuima pomwe inali. Mapaipi onse awiri akungofunda mofanana. Kompulesa ikulira mokalipa, mogogoda, osati kung'ung'udza kwake kwa masiku onse. Ndipo kilampu mita, imene masiku onse imawerenga maampeya 8, lero ikuwerenga cha m'ma 4 kapena 5. Ichi nchimene chimadabwitsa ambiri, chifukwa amayembekeza kuti makina ovutika azidya magetsi ambiri. Koma mota imene sikupanikiza gasi ilibe katundu, ndiye imakoka magetsi ochepa.

Zizindikiro zitatuzi zikakumana, phokoso, mageji osasuntha ndi maampeya otsika, zimitsani pomwepo. Palibe chifukwa choisiyira kuti mwina idzidzuka.

Kusiyanitsa vutoli ndi kutha kwa gasi nkosavuta kwa amene wamanga mageji. Makina amene gasi wawathera amakoka ndithu: geji yabuluu imagwa pansi kwambiri, mwinanso kufika pa 0, mpaka swichi ya pulesha yotsika nkudula. Pa makina ozungulira chambuyo geji yabuluu imakhala pamwamba, sikutsika. Kuwonjezera gasi pamenepo nkungotaya ndalama, ndipo tsiku limene mawaya adzakonzedwe makinawo adzakhala ndi gasi wopitirira muyezo, pulesha nkukwera mopyola, vuto lachiwiri nkubadwa. Chimene chimafanana kwenikweni ndi kuzungulira chambuyo ndi kompulesa imene zitsulo zake zasweka mkati, chifukwa nayonso siikoka ndipo imadya magetsi ochepa. Nchifukwa chake si bwino kugamula kuti sikulolo ya mafezi atatu yafa musanayese dongosolo la mafezi. Pali kachipangizo kake, kamita ka mawaya atatu kamene kamaonetsa ngati dongosolo ndi L1-L2-L3 kapena lobwerera. Sikodula poyerekeza ndi kompulesa, ndipo ine ndimaona kuti mmisiri wolumikiza majenereta amene alibe kamita kameneka sanamalize kugula zida.

Pali phokoso lina limene lisakuopseni. Sikulolo ikangozimitsidwa, gasi wopanikizika amene watsala pakati pa zitsulo amatha kuzikankhira chambuyo kwa kamphindi, nkumveka ngati kukhosomola. Zimenezo nzachibadwa, ndipo zimatha pa sekondi imodzi kapena ziwiri.

Kusinthanitsa mawaya, koma pati?

Kukonza kwake aliyense amakudziwa: sinthanitsani mawaya awiri. Pamene pamagona nkhani ndi malo osinthanitsirapo, ndipo apa ndi pamene ntchito yambiri imawonongekera.

Tibwerere ku butchala ija. Mmisiri wothamanga atsegula kabokosi ka pa kompulesa, asinthanitsa mawaya awiri pa T1 ndi T2, ayatsa, mageji nkuyamba kuyenda bwino, alandira ndalama zake nkumapita. Madzulo magetsi abwera, chenjiova yabwezedwa, ndipo kompulesa ija yayambanso kuzungulira chambuyo, chifukwa tsopano yagwirizana ndi jenereta nkusemphana ndi magetsi a masiku onse. Vuto silinali pa kompulesa. Linali pa kebulo yochokera ku jenereta, ndipo pamenepo ndi pamene panayenera kusinthidwa, pa mbali ya jenereta ya chenjiova, kuti magwero onse awiri azipereka dongosolo limodzi. Akamaliza ayenera kuyesa makinawo pa magwero onse awiri asanachoke.

Lamulo lake ndi lakuti konzani pamene palakwika. Ngati zonse za mafezi atatu pamalopo zatembenuka, kompulesa, mafani a kondensa, pampu ya madzi, makina ochekera nyama, ndiye kuti kulakwika kuli pa magetsi olowa, ndipo mawaya asinthidwe pamenepo kamodzi kokha, osati pa makina aliwonse payekhapayekha. Ngati ndi makina amodzi amene angoikidwa kumene, sinthani pa swichi yodulira magetsi ya makinawo, pamene kebulo ikulowera, osakhudza mawaya a mkati. Makina ochokera ku fakitale amakhala atalumikizidwa kuti kompulesa ndi mafani ake zigwirizane, ndiye mukasintha pa kompulesa pokha, mafani a mafezi atatu amatsala akuzungulira chambuyo. Fani yotero imaoneka ngati ikugwira ntchito, koma mphepo yake imakhala yochepa kapena yolowera kolakwika, ndipo masana kukatentha makina amadula chifukwa cha pulesha yokwera. Pokhapokha ngati kompulesa yokha kapena kontakita yake ndiyo yasinthidwa, zina zonse zikuyenda bwino, mpamene mungasinthe mawaya a pakati pa kontakita ndi kompulesa.

Ntchitoyi ndi ya mmisiri wa magetsi wovomerezeka, ndipo kuno zilolezo za ntchito yolumikiza magetsi amapereka ndi a MERA. Mavoliti 400 sapereka mwayi wachiwiri. Magetsi adulidwe pa swichi yaikulu, swichiyo ikhomedwe ndi loko kapena paimirire munthu, jenereta ikhale yozimitsa, ndipo mmisiri ayeze ndi mita pakati pa mawaya onse atatu, komanso pakati pa waya aliyense ndi waya wopita pansi, kuti atsimikize kuti mulibe moto. Nyutirolo ndi waya wopita pansi sakhudzidwa n'komwe. Nyutirolo akalowa pa malo a fezi, zipangizo za mavoliti 230 zimalandira 400 nkupsa nthawi yomweyo. Mawaya awiriwo akasinthidwa amangidwe zolimba, chifukwa waya wogwedera amatentha nkubweretsa vuto lina, ndipo alembedwe bwino kuti wobwera pambuyo asadzawabwezere poona kuti mitundu yasemphana. Ngati kachitetezo ka mkati kanadula chifukwa cha kutentha, kompulesa singayake msanga. Chitsulo chake chimasunga kutentha, ndipo nthawi zina pamafunika ola lathunthu kapena kuposerapo. Ambiri amaiyesa yakufa pa nthawi imeneyi. Ikayaka, aonenso mageji, maampeya a mawaya onse atatu, ndi mlingo wa oyilo pa kagalasi ngati kalipo.

Makina a inveta ndi nkhani ina. Inveta imasandutsa magetsi olowa kukhala a mbali imodzi, kenako nkupanga yokha mafezi atatu atsopano, choncho kusinthanitsa mawaya olowa sikutembenuza kompulesa imene ikuyendetsedwa nayo. Ngati yotero yatembenuka, cholakwika chili pa mawaya otuluka, olembedwa U, V ndi W. Maeyakoni ambiri akuluakulu amakono alinso ndi chitetezo chawo pa bodi, ndipo amangokana kuyaka nkuonetsa nambala ya vuto. Pa makina a Daikin, mwachitsanzo, U1 imatanthauza kuti mafezi asemphana kapena imodzi yasowa.

Ntchito ya rileyi ndi malire ake

Zonsezi zimachitika munthu alipo. Koma mafezi amatha kusinthika usiku, kutali ndi malo anu, inu muli mtulo. Apa ndi pamene pamafunika rileyi yoyang'anira mafezi. Ndi kabokosi kakang'ono kokhala m'bokosi la magetsi pambali pa kontakita. Timawaya titatu tating'ono timachokera pa L1, L2 ndi L3 kupita pa rileyiyo kuti izitha kuona magetsi. Mkati mwake muli kaswichi, kamene pa marileyi ambiri kamalembedwa 11 ndi 14 kapena 15 ndi 18, ndipo kamalumikizidwa pa mzere umodzi ndi zinthu zina zolamula koyilo ya kontakita, monga themositati ndi maswichi a pulesha. Magetsi akakhala bwino kaswichiko kamatseka, kontakita nkutha kukoka. Dongosolo likatembenuka kamakhala kotseguka, ndipo kompulesa siyaka n'komwe.

Dziwani kuti rileyi sikonza kanthu. Imangokana. Nyama idzafundabe ngati palibe amene waona kuti kanyali kofiira kayaka, nchifukwa chake ndi nzeru kugwiritsa ntchito mbali inayo ya kaswichi, ya 12 kapena 16, kuti iziyatsa belu kapena babu pamalo oonekera. Zilipo zipangizo zina za makontakita awiri zimene zimatembenuza zokha mawaya zikaona kuti dongosolo lasintha, koma nzodula, zili ndi ziwalo zambiri zotha kuwonongeka, ndipo pa malo ang'onoang'ono rileyi ndi belu nzokwanira.

Rileyi yabwino imaona zambiri kuposa dongosolo lokha, ndipo kunena zoona zinazo ndi zimene zimapha makompulesa ambiri kuposa kuzungulira chambuyo. Choyamba ndi kusowa kwa fezi imodzi, monga fyuzi imodzi ikapsa pa thiransifoma. Mota imene yaima singanyamuke ndi mafezi awiri, imangong'ung'udza nkumatentha. Imene ikuyenda kale imapitiriza, koma mawaya awiri otsalawo amanyamula katundu yense mpaka kupsa. Chachiwiri ndi kusiyana kwa mavoliti pakati pa mafezi, kumene kumachitika kwambiri m'misika ndi m'matauni ang'onoang'ono kumene nyumba zambiri zadzazana pa fezi imodzi. Kuwerengera kwake nkosavuta. Tinene mmisiri wayeza pakati pa mawaya awiriawiri nkupeza mavoliti 405, 398 ndi 385:

```
(405 + 398 + 385) / 3 = 396
396 - 385 = 11
11 / 396 x 100 = 2.8%
```

Amapeza kaye nambala yapakatikati, kenako amaona muyezo umene watalikirana nayo kwambiri, nkuwerengera kuti kutalikiranako ndi magawo angati pa 100. Opanga makompulesa ambiri safuna kuti kusiyanaku kupitirire 2 peresenti. Nambala ya 2.8 ikuoneka yaing'ono, koma kusiyana kochepa kwa mavoliti kumabala kusiyana kwakukulu kwa maampeya, ndipo gulu limodzi la mawaya a mu mota limatentha kuposa anzake. Kuyang'ana kusiyanaku kulinso ndi phindu lina. Mota imene ikuyenda ikataya fezi imodzi, imabweza yokha mavoliti pa waya wakufayo, moti rileyi yotchipa yongoona ngati moto ulipo imanamizika kuti zonse zili bwino. Imene imayeza kusiyana kwa mafezi imagwira vutoli.

Marileyi otere amakhala ndi timabatani totembenuza. Malire a mavoliti nthawi zambiri amaikidwa pa 10 peresenti pansi ndi pamwamba pa 400, kutanthauza 360 ndi 440, pokhapokha ngati chikwangwani cha makina chikunena zina. Pamaikidwanso masekondi ochepa odikira kuti rileyi isamadule magetsi akangophethira. Ndi bwinonso kuti magetsi akabwerera kompulesa idikire mphindi zitatu mpaka zisanu isanayake, kaya kudzera pa rileyi yomweyo kaya pa taima yapadera, chifukwa magetsi ongobwera kumene amakonda kuthawanso. Ngati rileyi ikudula kawirikawiri, yankho si kufutukula malire mpaka itasiya kudandaula. Yezani mavoliti, ndipo ngati vuto lili kunja kauzeni opereka magetsi.

Tsono pali msampha umodzi umene ndikufuna eni makina aumvetse, chifukwa umapha kompulesa kanyali kobiriwira kakuyaka. Rileyi siona kompulesa. Imaona timawaya take titatu tokha. Mmisiri akapeza kuti rileyi ikukana kuyatsa makina, nkusinthanitsa timawaya ta pa rileyi pomwepo m'malo mwa mawaya aakulu a magetsi, kanyali kamasanduka kobiriwira, kontakita nkukoka, kompulesa nkuyamba kuzungulira chambuyo ndi chilolezo cha chitetezo chake chomwe. Kuyambira tsiku limenelo rileyiyo izidzalola magetsi olakwika nkumakana olondola. Chimodzimodzi, wina akasinthanitsa mawaya kutsogolo kwa pamene rileyi imaonera, monga pakati pa kontakita ndi kompulesa, rileyi singadziwe. Choipitsitsa ndi kuika kawaya kodumphitsa pa 11 ndi 14 kuti makina ayake lero, nkulonjeza kudzabweranso mawa.

Nchifukwa chake poika rileyi yatsopano dongosolo lake liyenera kukhala ili: muyambe mwatsimikiza ndi mageji kuti kompulesa ikuzungulira moyenera, ndiyeno mulumikize rileyi kuti ivomereze magetsi amenewo. Mukatero yesani ngati ikugwiradi ntchito. Magetsi atadulidwa, chotsani kawaya kamodzi ka pa rileyi nkukakulunga bwino, muyatse, ndipo kontakita isakoke. Dulaninso, bwezerani kawayako, sinthanitsani tiwiri mongoyesa, muyatse, ndipo isakokenso. Kenako bwezerani zonse mmene zinalili. Rileyi yoikidwa kumbali yolowera magetsi singaonenso ngati mwendo umodzi wa kontakita wapsa, choncho siilowa m'malo mwa ovalodi ya mota. Zonse ziwiri zimafunika.

Kwa inu a bizinesi amene simugwira mawaya, gawo lanu ndi laling'ono koma ndi lenileni. Tsiku lililonse limene pagwiridwa ntchito pa magetsi a malo anu, kaya ndi jenereta, mita, buleka kapena thiransifoma ya m'dera, pitani kumene kuli kompulesa nthawi imene ikuyaka koyamba. Imvetsereni, ndipo pakapita mphindi imodzi gwirani mosamala mapaipi ake awiri: yaing'ono iyenera kutentha, yaikulu iyenera kuzizira. Ngati zonse zangofunda ndipo kulira kwake kwasintha, zimitsani nthawi yomweyo, itanani mmisiri, ndipo musalole kuti atsegule silinda ya gasi kapena akulembereni mtengo wa kompulesa yatsopano asanayeze mafezi inu mukuona.